Za Chimbale Cholukana ndi Mtolo wa Nyimbo

Pa tsiku la msika ku Mitundu, kuseri kwa mzere wa ogulitsa kaunjika, kufupi ndi pamene anyamata a kabaza amatsamiritsa njinga zawo podikira okwera, pali kachipinda kofolera ndi malata kamene mnyamata wina amabenamo nyimbo, ndipo kumeneko n'kumene ndinapita ndi memori khadi yanga kukafunsa ngati angandipezere chimbale cha Paul Ngozi chotchedwa The Ghetto. Sindinayembekeze kuti achipeza, pakuti iye anabadwa woyimbayo atagona kale m'manda, koma atasanthula pa kompyuta yake kwa kanthawi, anandibwezera khadiyo ndi manja awiri nati, “Madala, zonse zalowa, palibe yatsala.” Ananena zoona, popeza nyimbo zonse zisanu ndi zinayi zinalimodi. Koma madzulo ake, nditakhala pakhonde n'kutsegula foni, ndinamva zinthu zimene zinandisowetsa mtendere: foniyo, posapeza manambala patsogolo pa mayina a nyimbo, inazindandalika monga mwa alifabeti, kotero kuti Anasoni inayamba, Bamayo inatsatira, ndipo nyimbo imene ndinaidziwa kuyambira ubwana wanga ngati khomo lolowera m'chimbalecho inakapezeka pakati, ili yachisanu.

Ndondomeko yake yeniyeni ndinaidziwira kwa atsibweni anga a ku Nathenje, amene anakhalitsa ku Lusaka pa ntchito, nabwerako ndi galamafoni ya mabatire ndi zimbale zingapo zokutidwa m'nsalu. Iwo sankalola mwana kukhudza singano. Ankapukuta chimbale ndi mpango, n'kuika singanoyo pamphepete penipeni, ndipo kuyambira pamenepo kufikira mbali ija itatha, munthu sankayenera kuyankhula. Wofuna kutuluka ankatuluka mwakachetechete ngati wochoka m'tchalitchi ulaliki uli mkati. Pa nthawiyo ndinkayesa kuti ndi nkhanza chabe za munthu wachikulire wokonda katundu wake. Lero ndikaganiza ndimaona kuti iwo ankakhulupirira chinthu chimene ambiri a ife tinachileka osadziwa n'komwe kuti tachileka, ndicho chakuti nyimbo zina zimalembedwa kuti zimvedwe pamodzi ndi zinzake, iyi pambuyo pa iyo, ndi kuti woichotsa imodzi pamalo pake waichotsera gawo la tanthauzo lake. Funso limene lakhala likundizungulira m'mutu ndi lakuti kodi chikhulupiriro chimenechi chiyenera zimbale zonse, kapena zowerengeka zokha, ndipo ngati ndi zowerengeka, munthu angazizindikire bwanji.

Chikhumbo cholukanitsa nyimbo sichikanabadwa popanda malo oti zilukaniranepo. Zimbale zakale zozungulira ka 78 pa mphindi zinkanyamula nyimbo ya mphindi zitatu kapena zinayi mbali imodzi, ndipo zikatero zatha. M'chaka cha 1948 kampani ya Columbia ku Amereka inatulutsa chimbale chachikulu chozungulira pang'onopang'ono, ka 33 ndi kagawo pa mphindi, chimene mbali yake imodzi inkatha kusunga mphindi zoposa 20. Oyamba kuona chimene angachite ndi danga limeneli sanali a roko ayi: Frank Sinatra, mu 1955, anasonkhanitsa nyimbo za kusungulumwa kwa usiku zokhazokha m'chimbale cha In the Wee Small Hours. A roko pa masiku amenewo ankakhalira timbale ting'onoting'ono ta 45, nyimbo imodzi kuno ina kuseri, togulidwa ndi ana asukulu, ndipo chimbale chachikulu kwa iwo chinali nkhokwe yothiramo nyimbo ziwiri zotchuka ndi zina zodzazira malo. Zinthu zinatembenuka pakati pa zaka za m'ma 1960, pamene ana asukulu aja anakula nayamba kukhala ndi ndalama zogulira zimbale zazikulu, pamene magulu anayamba kudzilembera okha nyimbo mmalo moyimba za ena, ndi pamene makina a m'situdiyo anafika polola munthu kujambula mawu pamwamba pa mawu ena. A Beatles analeka kuyimba pamaso pa anthu mu Ogasiti 1966, atatopa ndi mfuu ya makamu imene inkamiza zoyimbira zawo, ndipo kuyambira pamenepo chimbale ndicho chinasanduka bwalo lawo.

Komabe makina ndi ndalama sizifotokoza zonse, pakuti pansi pa zimenezi panali njala ina, njala ya ulemu. Anyamata ambiri a roko a ku Mangalande anadzera m'sukulu za luso la zojambula: John Lennon ku Liverpool, Pete Townshend ku Ealing, ena mwa a Pink Floyd anakumana akuphunzira za mapulani a nyumba ku London. Anthu otere, ataphunzitsidwa kuti luso lenileni ndi la wolemba mabuku ndi la wopeka nyimbo zazitali za m'nyumba za mafumu, zinkawawawa kutchedwa oyimbira ana ovina. Anafuna kusonyeza kuti gitala yaphokoso ingathe kusenza katundu wolemera ngati wa buku. N'chifukwa chake Townshend, polemba Tommy mu 1969, nkhani ya mwana amene anasanduka wogontha, wosalankhula ndi wosaona ataona choopsa m'nyumba mwa makolo ake, anaitcha opera; ndipo chaka chotsatira gulu lake la The Who linakaiyimba m'nyumba ya Metropolitan Opera ku New York, kumene nsapato za anthu a mtundu wawo zinali zisanazolowere kupondako. Ine sindiwaseka pa chikhumbo chimenechi. Aliyense amene anaonapo m'mene woyimba wa kwathu kuno amacheukidwira pa ukwati, kupatsidwa nsima kuseri pamene alendo olemekezeka akudyera m'nyumba, adziwa kumene njala yotere imachokera.

Chodabwitsa n'chakuti chimbale chimene anthu ambiri amachiyesa mayi wa zimbale zolukana, Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha 1967, chikayesedwa bwino chimapezeka choperewera. Ganizo la Paul McCartney linali lakuti a Beatles adzisandutse gulu lina lopeka, loyimba pamaso pa khamu lopeka. Nyimbo yoyamba imalonjera khamulo ndi kuitana woyimba, yachiwiri ndiyo ya woyimba woitanidwayo, ndipo chakumapeto nyimbo yoyamba ija imabweranso kudzatsazika. Kupatula zitatuzi, zina zonse zilibe nawo kanthu gulu lopekalo, ndipo Lennon mwini anavomera pambuyo pake kuti nyimbo zake zikanatha kukhala m'chimbale china chilichonse. Chimene chinamanga mtolowo chinali chikuto chake, zovala zonyezimira za asilikali, mawu a nyimbo osindikizidwa kuseri, ndi kusowa kwa mpata pakati pa nyimbo zina. Akulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere; koma pano mwambiwo ungakhale wankhanza mopitirira, pakuti mkatimo muli nyimbo zabwino ndithu, zina mwa izo zosaiwalika. Chimene mulibe ndi ngongole: palibe nyimbo yapakati imene ili ndi mangawa kwa inzake.

Mangawa amenewa ndiwo muyeso umene ndaupeza wodalirika koposa ina. Tonse amene tinakulira pamoto wa madzulo tikudziwa kanyimbo ka m'nthano, kamene mwana wamasiye amayimba ali pachitsime, nakayimbanso ali m'nkhalango, nakayimbanso kachitatu pamaso pa mfumu. Mawu ake sasintha ngakhale limodzi, koma ulendo woyamba ndi kudandaula, wachiwiri ndi mantha, wachitatu ndi umboni wotsutsa wolakwa. Ndipo wokamba nthano akasokoneza ndondomekoyo, ngakhale ana aang'ono oyankha kuti tili tonse amamudzudzula. Chimbale cholukana chimagwira ntchito chomwecho. The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, cha 1973, chimayamba ndi kugunda kwa mtima, ndipo nyimbo yotsatira, Breathe, ndi yofatsa ngati malangizo kwa wobadwa kumene. Pambuyo pake pamabwera kuthamanga, kenaka mawotchi olira onse pamodzi otsegulira nyimbo ya Time, yonena za zaka zimene zimapita munthu akuzengereza. Pamathero pa Time, mayimbidwe a Breathe aja amabwereranso, koma tsopano m'kamwa mwa munthu wotopa wofuna kuotha moto kunyumba, belu la tchalitchi likulira patali. Ndipo mosapumira pamalowa mawu a mkazi, Clare Torry, olira popanda liwu lililonse lomveka, amene ndi imfa. Mbali yoyamba yathera pamenepo. Womvera amadzuka, natembenuza chimbale, ndipo chomulonjera ndi kulira kwa makina owerengera ndalama. Kudzuka kuja ndi kutembenuza kuja zili mbali ya nyimboyo, ndipo oyimbawo anadziwa chimene ankachita, popeza anakhala akuyimba ndondomeko yonseyi pamaso pa anthu m'chaka cha 1972 chimbalecho chisanatuluke. Mukachotsa Breathe, kubwerera kwake kumasanduka kachidutswa kopanda mwini. Mukaika Money patsogolo pa Time, imfa imafika munthu atalemera kale, ndipo nkhaniyo yasanduka ina.

Tsono muyeso umenewu ukaikidwa pa Paul Ngozi, utiuza chiyani? Kuno kwathu roko sinamere mizu kwenikweni, pakuti m'masiku a Kamuzu wailesi inali imodzi, bungwe lounika nyimbo ndi mabuku linali maso, ndipo ngakhale tsitsi lalitali la mwamuna linali mlandu. Kutsidya kwa Mchinji zinali zina. Boma la Kaunda, pakati pa zaka za m'ma 1970, linalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dzikomo, ndipo magulu onga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anapeza msika wa zimbale zazikulu zimene zinkadindidwa ku Ndola. Ngozi, amene dzina lake lobadwa nalo linali Paul Nyirongo, anakulira ku Chibolya, komboni ya mbiri yoopsa mu Lusaka. Ankaliza gitala yokalipa monga ya Jimi Hendrix, nthawi zina ndi mano, ndipo ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja chimene munthu wa ku Nathenje amachimva popanda womasulira. The Ghetto, chimene chinatuluka patangopita nthawi yochepa chitulukire Day of Judgement cha 1976, amachitcha kawirikawiri chimbale cha nkhani imodzi, nkhani ya moyo wa m'komboni.

Pamene mtima wanga unali utakwiya ndi foni ija, ndinali wokonzeka kulumbira kuti n'cholukana kuyambira kumutu kufikira kumchira, ndipo umboni unalipo. M'ndondomeko ya mwini wake, chimbalecho chimatsegula ndi In the Ghetto, imene imaonetsa malowo ndi anthu ake, makolo otanganidwa ndi mowa ndi ana osiyidwa ndi njala. Chimatsata ndi Help Me, kufuula kwa munthu wofuna thandizo. Pakati pake pali Suicide, pamene nkhani ifika pa kudzipha, woyimbayo naletsa. Chakumapeto kuli Ulesi Tileke, langizo la munthu amene wasankha kukhala ndi moyo ndi kugwira ntchito. Ndipo chimatseka ndi Jesus Christ. Uwu ndi ulendo wotsika m'chigwa ndi kukwera kutsidya lake, ulendo umene aliyense woleredwa ndi Masalimo auzindikira. Koma alifabeti inachita chinthu chimene ngakhale mdani wa Ngozi sakanachiganiza: inaika Jesus Christ pamalo achisanu ndi chimodzi, ndipo pomwepo inatsatiza Suicide, n'kutsekera zonse ndi Who Will Know. Chimbale chimene chinkathera pa chipulumutso chinasanduka chimbale chimene munthu amaitana Mpulumutsi, naganiza zodzipha pambuyo pake, natsiriza ndi funso lopanda woyankha. Nyimbo ndi zomwezo, palibe yatsala, monga ananenera mnyamata uja. Koma ulaliki wake watembenuzika. Ngati kusuntha nyimbo ziwiri kungathe kusandutsa chiyembekezo kukhala kutaya mtima, ndiye kuti nyimbozo zili ndi mangawa kwa zinzake.

Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nditadekha ndinayesa muyeso womwewo pa nyimbo zotsalazo. Ndinasinthanitsa Anasoni ndi Bamayo, osamva kanthu kakusweka. Ndinachotsa Can't You Hear Me, ndipo ngakhale ndinaisowa chifukwa ndimaikonda, zinzake sizinalire. Palibe munthu mmodzi amene timamutsata ndi dzina monga Tommy, ndipo sindimva mayimbidwe a nyimbo yoyamba akubwerera kumapeto atavala tanthauzo lina, monga zimachitikira m'chimbale cha Marvin Gaye cha 1971, What's Going On, chimene nachonso chimakamba za komboni, poyang'ana ndi maso a msilikali wobwera ku nkhondo ya ku Vietnam, nyimbo zikulowerana popanda mpata, ndipo chikamatha chimabwereranso ku mayimbidwe a pachiyambi. Chotero chiweruzo changa, ngati munthu wamba wa ku Mitundu angaloledwe kuweruza, n'chakuti The Ghetto chili ndi mizati itatu kapena inayi yozikika, imene singasunthidwe nyumba osagwa, ndipo pakati pa mizatiyo pali nyimbo za mutu umodzi zoyenda momasuka. N'cholukana koposa Sgt. Pepper, chimene dziko lonse limachigwadira. N'chomasuka koposa The Dark Side of the Moon. Ndipo ndikayang'anitsitsa ndimakayika ngati pali zimbale zambiri zimene zili mbali imodzi kotheratu, ngakhale olemba za nyimbo amakonda kuzigawa ngati nkhosa ndi mbuzi.

Pali ganizo lina limene linandifikira mochedwa, ndipo limandichititsa manyazi pang'ono m'malo mwa onse okonda zimbale zolukana. Kulukana kuli ndi mtengo wake, ndipo walira mvula walira matope. Woyimba akadzimanga kuti afotokoze nkhani kuyambira pachiyambi kufikira pamathero, amakakamizika kulemba nyimbo zina zimene ntchito yake ndi kungonyamula womvera kuchoka pa chochitika ichi kupita pa icho, nyimbo zimene palibe angaziyimbe polima kapena pochapa. Mu Tommy muli tizidutswa totere, tina tosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, tongolengeza kuti kwapezeka dokotala kapena kuti nyuzipepala yalemba zakuti. Matendawa anakula msanga, kotero kuti pofika 1972 Ian Anderson wa gulu la Jethro Tull, atanyansidwa ndi olemba nkhani amene anaumirira kuti chimbale chake cha Aqualung chinali cha nkhani imodzi pamene iye ankakana, anapanga Thick as a Brick mwachipongwe: nyimbo imodzi yokha yodzaza mbali zonse ziwiri, mphindi zoposa 40, chikuto chake chili nyuzipepala yopeka yonena kuti mawu ake analemba ndi mwana wa zaka zisanu ndi zitatu. Anthu anachigula mwaunyinji, ambiri osazindikira kuti akusekedwa. Chizindikiro cha chimbale chodwala matendawa n'chosavuta kuchiona: ngati simungamve nkhani yake popanda kuwerenga zolembedwa pachikuto, ndiye kuti nkhaniyo ili papepala, siili m'nyimbo. Ngozi sanagwe m'mbuna imeneyi, mwina chifukwa omvera ake anali anthu a m'mabala a ku Lusaka, amene sakanamulola kuyimba kanthu kosavinika pofuna kukometsa nkhani.

Pamenepa mpamene ndimakumbukira Evison Matafale wa ku Chileka, ngakhale iye anali wa rege, osati wa roko. M'masiku a makaseti, pamene minibasi iliyonse yochoka ku Lilongwe kudzera pa Nathenje kupita ku Dedza inkaliza Kuyimba, ambiri a ife tinaloweza ndondomeko ya nyimbo zake osafuna, chifukwa kaseti siilola kudumpha popanda kuzungulitsa ndi cholembera kapena kutha mabatire. Nyimbo ina ikamatha, khutu linkayamba kale kuyimba yotsatira. Zimenezi zimanyenga. Chizolowezi cha khutu si mangawa a nyimbo, ndipo ndikayesa Kuyimba ndi muyeso uja ndimapeza mtolo wa nyimbo za mzimu umodzi, za ulosi, za chilungamo ndi za Mulungu, zotuluka m'kamwa mwa munthu mmodzi wosagawanika mtima, koma zimene iliyonse imaima payokha. Ndikunena izi mosachepetsa, pakuti n'chifukwa chake nyimbo zimenezi zapulumuka kusweka kwa makaseti, zikumvekabe m'mabala, m'mashopu ometera ndi m'mafoni, iliyonse ili yamphumphu, pamene chidutswa cha pakati pa The Dark Side of the Moon chikagwera chokha pakati pa nyimbo za kwaya chimamveka ngati wailesi yawonongeka.

Komabe ngakhale pa Matafale sindifuna kutseka mlandu msanga. Munthu amene amatcha chimbale chake choyamba Kuyimba 1 waulula kale kuti m'maganizo mwake muli chachiwiri ndi chachitatu, ndi kuti chimene akumanga n'chachikulu koposa chimbale chimodzi. A roko a ku Mangalande anafuna kuti chimbale chikhale buku, pamene iye anachiyesa chaputala. Anangofika pa Kuyimba 2, pakuti anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, ndipo abale ake a Black Missionaries ndiwo anatola manambalawo napitiriza kuwerenga kuyambira pa 3. Ngati pali kulukana m'ntchito imeneyi, kuyenera kufunidwa pakati pa chimbale ndi chimbale, m'mene nyimbo za otsalawo zimayankhira za woyambitsa amene anawasiya, ndipo kuyesa kumeneko kufuna munthu woti akhale pansi ndi zimbale zonsezo motsatana, kuyambira choyamba, kwa masiku angapo a chilimwe pamene ntchito ya kumunda yachepa.